Dongo la ana anga likung'aluka likauma, ndalakwitsa pati?

Mphunzitsi wa kalasi yachiwiri, Angoniya:
Aphunzitsi anzanga ndi makolo muli pano, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa ana 58 pa sukulu ya kumudzi, kunja kwa Ulongwe. Mapepala ndi utoto tilibe, ndiye sabata yatha ndinati tiphunzire maonekedwe a zinthu ndi zomwe tili nazo. Ana anakatapa dongo kudambo, aliyense anaumba kabwalo, kamakona atatu ndi kamakona anayi, n'kudindapo masamba. Tinayanika pakhonde. M'mawa mwake zambiri zinali zitang'aluka, zina zitapindika ngati phale, ndipo masamba sakuonekanso bwino. Mtsikana wina analira, ine mtima unandiwawa chifukwa anaumba mosamala kwambiri.

Vuto lachiwiri ndi ili. Ndikawauza kuti ayale tsamba, kamtengo, tsamba, kamtengo, amatsatira. Ndikangosintha kuti tsamba limodzi, timitengo tiwiri, amangoyala chisawawa. Lachinayi ndikufuna kubwereza. Ndichite bwanji?

Bambo wa ku Moatize:
Aphunzitsi, dothi la kudambo silabwino, tengani la pachulu. Ife njerwa timaumba la pachulu ndipo siziphwanyika. Mukatero muotche mu uvuni.

Mayi woumba mbiya, Tsangano:
Abambo, aphunzitsiwa sakumanga nyumba ayi. Mwanawe, ine ndaumba miphika kuyambira ndili mtsikana, ndiye tamvera. Dongo lakolo silolakwika, koma ndi lonona kwambiri. Dongo lotere limamwa madzi ambiri, ndipo madziwo akamachoka limakhwinyata. Pamwamba pakauma msanga pansi pakadali ponyowa, pamwambapo pamakoka, ndiye mng'alu ndi kupindika kuja. Khonde lako ngati limalowa dzuwa kapena mphepo, ndilo linamaliza ntchito.

Usanawapatse ana, uliyese. Pota kachingwe kokula ngati chala, ukakulunge pachala chako. Kakaduka, dongolo lili ndi mchenga wambiri, silingagwire. Kakakulungika kosalala, konyezimira, n'kumamata m'manja, ndiye lonona lija. Ife timasinja mapale a miphika yosweka, n'kusefa, n'kusakaniza. Ine ndimathira dzanja limodzi la mapale pa manja anayi a dongo, kenaka ndimakanda mpaka lisamamatenso. Uchotse timiyala ndi timizu, chifukwa mng'alu umayambira pamenepo. Ulikande dzulo lake, ligone litakutidwa ndi masamba a nthochi.

Pouma, m'kalasi momwe, pakona yopanda mphepo. Tsiku loyamba ufunditse masamba a nthochi, lachiwiri uvundukule ndi kutembenuza chilichonse. Usathamangire, zimafuna masiku anayi kapena asanu, nyengo yozizira kuposa apo. Ukachigunditsa patsaya n'kumva kuzizira, sichinaume.

Mphunzitsi wa kalasi yachiwiri, Angoniya:
Zikomo amayi. Khondelo limalowadi dzuwa masana onse. Koma mapale okwanira ana 58 ndiwapeza kuti? Mchenga sungathandize?

Mnyamata wa ku Furankungo:
Mchenga umathandiza bwino, aphunzitsi. Thirani theka mchenga theka dongo, sizing'aluka olo pang'ono.

Mayi woumba mbiya, Tsangano:
Mchenga wosefa wa kumtsinje inde, achimwene, koma theka ndi wambiri. Sizing'aluka, koma zimafumbutuka m'manja, ndipo mitsempha ya tsamba siituluka. Ayambe ndi muyeso womwe uja wa mapale.

Mphunzitsi wopuma, Domwe:
Amayiwa anena zoona. Ine ndingowonjezera njira yodziwira muyeso osalota, poti dongo la dambo lililonse ndi lake. Lero lomwe umbani timatabwa titatu ta dongo: koyamba kopanda mchenga, kachiwiri dzanja 1 pa manja 4, kachitatu dzanja 1 pa manja 3. Pa kalikonse lembani mzere wa masentimita 10 ndi rula. Tikauma, yezaninso. Mzere ukatsika kufika pa 9 kapena kuchepera, dongolo likukhwinyata kwambiri. Sankhani kamene katsika pang'ono koma sikakufumbutuka mukakakanda ndi chikhadabo. Mwina Lachinayi lifika tisanaume, ndipo ine ndikanakonda musunthe phunzirolo kusiyana n'kuliza ana kachiwiri.

Kukhuthala kukhalenso kofanana. Ikani timitengo tiwiri tokula ngati chala mbali ndi mbali, dongo pakati, mwana agubuduze botolo pamwamba pa timitengoto. Ana amakonda kupyapyaza m'mphepete, ndipo m'mphepete mopyapyala ndimo mumayamba kuuma. Makona atatu ndiwo amavuta kwambiri, nsonga zake zimathyoka, choncho asaumbe zazikulu kuposa chikhatho chawo.

Za masamba osaoneka, ndikuganiza kuti anadinda kumaso kwa tsamba. Mitsempha imatukuka kumsana kwake, ndiko kuyang'ane dongo. Gwafa ndi mabulosi amatuluka bwino, la pichesi limaoneka pang'ono chabe. Tsamba likhale laliwisi, aligubuduze ndi botolo kamodzi, alichotse pogwira kaphesi. Dongo likakhala lamadzi, chidindo chimafufutika.

Mayi wa ana atatu, mzinda wa Tete:
Wanga anabwera kusukulu diso litatupa chifukwa anathyola nkhadze pofuna timitengo. Mkaka wake uja ndi woopsa m'maso. Chonde aphunzitsi, muwauze mitengo yoti asakhudze, ndi chitedze chomwe. Kuno kutentha kwake dongo limauma mwana akadaumba, sindikudziwa ngati za masiku asanuzo zingatheke.

Mphunzitsi wopuma, Domwe:
Mwachita bwino kukumbutsa, amayi. Mapesi a chimanga ndi bango zimakwana. Kwanuko muziika kansalu konyowa pamwamba.

Tsono funso lachiwiri lija, lomwe tonse talidumpha. Ana aja sanaone kuti pali kagulu kamene kakubwerezedwa. Tsamba, kamtengo, tsamba, kamtengo amangosinthanitsa, sizifuna kuganiza. Ine ndinkayamba ndi makutu. Tsamba likhale kuomba m'manja, kamtengo kuponda pansi. Omba, ponda, ponda. Omba, ponda, ponda. Akaigwira ngati ng'oma, ndiye ayale pansi zomwe amvazo. Kenaka mwana atenge luzi azungulize kagulu kamodzi, tsamba ndi timitengo take tiwiri. Musayale kagulu kamodzi kokha n'kunena kuti pitirizani. Yalani katatu, chifukwa kamodzi sikaonetsa chomwe chikubwerera.

Kuti mudziwe amene wamvetsa, auzeni atsinzine, chotsani chinthu chimodzi pakati pa mzere, afufuze chasowa. Amene amangoonera mnzake amagwidwa pamenepa. Mubweretsenso lichero, awerenge momwe nsungwi ikudutsira pamwamba ndi pansi pa zinzake. Akatha izi, adinde kayalidwe komweko m'mphepete mwa dongo lawo, monga amalembera pakhosi pa mphika.

Mnyamata wa ku Furankungo:
Koma osaotcha zikhalitsa? Mvula ikangodontha m'kalasi zisungunuka zonse.

Mayi woumba mbiya, Tsangano:
Zisungunukadi. Ine ndikuti ziotchedwe, zikauma gwa, pamoto wa makungwa ndi nkhuni, akulu okha. Chonyowa mkati chimaphulika pamoto.

Mphunzitsi wopuma, Domwe:
Apa ndiye tisiyana, amayi. Chosaotcha mumachiviika n'kuumbanso chaka chonse, ndipo dongo lotapa kamodzi likwanira. Chootcha sichibwerera.

Mphunzitsi wa kalasi yachiwiri, Angoniya:
Timatabwa titatu ndaumba madzulo ano, tili pansi pa tebulo. Lachinayi tichita za kuomba ndi kuponda zokha, dongo lidikire sabata yamawa. Za kuotcha ndikadaganiza, poti ana akufunitsitsa kupita nazo kwawo. Amayi a ku Tsangano, ngati nditaotcha zochepa chabe, moto wake umafuna nthawi yaitali bwanji pa tinthu tating'ono chonchi?