Zilembo za pa chitseko cha kontena: ndi za mwini bokosi, osati za katundu

Achimwene a ku Mobeni: Anzanga, kuno ku weyahausi kuli mnyamata watsopano amene walemba pa fomu yolandirira katundu kuti wachokera ku Germany, ati chifukwa kontena yalembedwa HLXU. Ali pagulu pompano, wina amuthandize.

Mayi a Tadala: Mng'ono wanga, zilembo zinayizo zimangotchula mwini bokosi. Zitatu zoyamba ndi za kampani, chachinayi chimakhala U, kusonyeza kuti ndi kontena ya katundu. Pakutsatira manambala 6, kenako imodzi ili m'kabokosi yotsimikizira kuti wakopera bwino. Kampani imalembetsa zilembozo ku BIC, bungwe la ku Paris, ndipo zimakhala pachitsekopo zaka ndi zaka. HLXU ndi ya Hapag-Lloyd, kampani ya sitima ya ku Hamburg ku Germany, pamenepo sunalakwe. Koma bokosi lomwelo lero litsitsa matayala a ku India pa Durban, akalisesa lipakira zina kupita kwina, ndipo palibe amene amalipentanso. Thumba lolembedwa feteleza kwathu timaikamo chimanga, si choncho? Taona MSCU ndi MEDU: zonsezo ndi za MSC, kampani ina ya sitima, likulu lake ku Geneva, dziko la Switzerland, lopanda nyanja ngati kwathu.

Chemwali wa ku Felixstowe: Zoona amayi, koma zilembozo zimakuuzabe sitima imene yanyamula. Ukaona MSKU wadziwa kuti yabwera pa sitima ya Maersk, ndiye njira yake ungailote.

Mayi a Tadala: Osati nthawi zonse, chemwali. Makampani a sitima amagawana malo, moti bokosi la uyu limakwera sitima ya uja. Komanso pafupifupi theka la makontena padziko lonse ndi obwereka. TCNU ndi ya Triton, TGHU ndi ya Textainer, makampani opanda sitima, ongobwereketsa mabokosi. Pali zinanso zilembo za makampani amene anagulidwa kalekale: SUDU inali ya Hamburg Süd, imene Maersk inaigula mu 2017, koma mabokosiwo akuyendabe ndi zilembo zakezo.

Jahman wa forokolifiti: Nanga zolembedwa TEMU zija? Si za katundu wogula pa foni uja wa ku China?

Achimwene a ku Mobeni: Aaa Jahman, watiseketsa. TEMU ndi Textainer yomweyo, inalipo sitolo ija isanabadwe n'komwe.

Jahman wa forokolifiti: Chabwino, koma pa kachitsulo kokhomedwa pachitseko ine ndimaona China pafupifupi paliponse.

Malume a ku City Deep: Kachitsulo kolembedwa CSC SAFETY APPROVAL kaja kamanena za bokosilo: mwezi ndi chaka chimene linapangidwa, ndi kulemera kumene lingapirire. Makontena ambiri amapangidwa ku China, n'chifukwa chake dzinalo ukuliona kawirikawiri. Za katundu palibepo.

Ndipereke chitsanzo cha kwathu. Tiyi wa ku Thyolo akupita ku Britain. Bokosi lopanda kanthu alitenga pa depoti ku Blantyre, tinene kuti ndi la MEDU, limene linabwera ndi zovala za kaunjika. Apakira tiyi, atseka ndi silo, kachotsekera chitseko kokhala ndi nambala yake, thiraki idutsa pa Mwanza ndi Tete mpaka ku Beira. Kumeneko likwera sitima, mwina n'kukasinthira ina padoko lina. Tsopano amene ali ku Felixstowe, doko la ku Britain, akaona chitseko anena Switzerland. Akaona chikalata cha sitima, pamene palembedwa Port of Loading apeza Beira, anena Mozambique. Onsewo aphonya. Tiyiyo ndi wa ku Malawi, ndipo zimenezo zili pa setifiketi ya kumene katundu anachokera ndi pa inivoisi, pamzere wa Country of Origin.

Ndiye mphwanga, ntchito ya nambala ya kontena ndi kukulozera mapepala. Ikopere yonse, zilembo 4 ndi manambala 7, uyerekeze ndi ya pa chikalata. Uonenso nambala ya silo musanadule. Zikagwirizana, dziko ulitenge pa setifiketi. Zikasiyana osatsegula, itana bwana. Dziko lolakwika likalowa pa pepala lopita kwa a msonkho, msonkho umawerengedwa molakwika, poti katundu wa maiko a SADC ali ndi chikhululukiro chake, ndipo bokosi likagwidwa masiku osungira amalipitsa.

Chemwali wa ku Felixstowe: Vuto ndi mabokosi ophatikiza aja, momwe muli katundu wa anthu khumi. Mapaleti ena a ku Vietnam, ena a ku China, chitseko chimodzi. Ine ndimakhulupirira zolembedwa pa makatoni kuposa mapepala.

Mayi a Tadala: Makatoninso amawabwereza, chemwali. Ine ndi setifiketi basi.

Chemwali wa ku Felixstowe: Nanga katoni ikati Vietnam, setifiketi ikati China, mulemba ziti?

Malume a ku City Deep: Pamenepo sindilemba chilichonse. Ndijambula katoni, nditumize kwa ejenti, phaleti likhale pambali mpaka ayankhe.