Kasitomala mmodzi akuoneka katatu mu HubSpot

Nangozo: Akuluakulu ndithandizeni. Timagulitsa simenti ndi malata kwa a mahadiweya. Lachisanu lililonse anyamata athu oyenda m'mashopu amanditumizira mayina pa Excel, ine n'kulowetsa mu HubSpot, pulogalamu yomwe timasungiramo za makasitomala athu. Pano bambo wina wa shopu ku Kasungu akuoneka katatu. Zoti akufuna matumba 40 zinalembedwa pa dzina loyamba, pomwe dilu yake ili pa dzina lachitatu. Lolemba anthu athu awiri anawaimbira foni, aliyense ndi mtengo wake. Ndinachita manyazi kwabasi.

Bambo a Tadala: Auzeni anyamatawo azilemba mayina mofanana, vuto latha. Wina akalemba dzina la shopu wina la mwiniwake, makina asokonezeka ndithu.

Nangozo: Ndayang'ana bambo, dzina n'lofanana malo onse atatu.

Che Ajusa: Dzina si limene likuyang'anidwa pamenepo, mayi. Mukamalowetsa fayilo, HubSpot imamuzindikira munthu ndi imelo yake. Ndiye a mahadiweya angati ali ndi imelo? Ambiri ndi foni basi. Mzere wopanda imelo umalowa ngati munthu watsopano, ngakhale munamulowetsa kale sabata yatha. Musanalowetse, yambani mwachita Export anthu omwe alimo kale, pamodzi ndi `Record ID`, nambala yomwe HubSpot imapatsa munthu aliyense. Amene alimo kale, ikani nambala imeneyi pa mzere wake, ndipo zatsopanozo zikalowa pa munthu yemweyo. Atsopano enieni muwaike m'fayilo yawoyawo.

Bambo a ku Kasunguwo aphatikizeni ndi Merge. Zolemba ndi madilu zibwera pamodzi. Koma imbani kaye mutsimikize kuti ndi munthu mmodzi, chifukwa mukaphatikiza simungalekanitsenso. Ine ndinaphatikizapo bambo ndi mwana wake omwe ankagwiritsa ntchito foni imodzi koma ali ndi mashopu awiri. Ndinatha tsiku lonse ndikukopera zolemba pamanja.

Mlongo wa ku Limbe: Ifetu tinasiya zimenezi, timangolemba m'kope.

Nangozo: Che Ajusa zikomo. Nanga ndidziwa bwanji kuti uyu alimo kale, poti manambala a foninso sakufanana? Ena akuyamba ndi 0, ena 265, ena akuoneka chonchi: `2.65888E+11`

Che Ajusa: Ameneyo ndi Excel. Amaitenga foni ngati nambala yowerengera, ndiye amadya 0 wa kutsogolo ndi chizindikiro cha +. Danga lonse la mafoni lisinthidwe kukhala Text asanayambe kulembamo, ndipo aliyense azilemba kuyambira +265, popanda 0. Zomwe zasungidwa kale chonchi mu CSV sizibwerera, mukazitengenso m'mafoni a anyamatawo.

Bambo a Tadala: Koma bwanji osangowauza azilowetsa okha pa foni ali pa shopupo? Fayilo ya Lachisanuyo ithe.

Nangozo: Tinayesa. Amadandaula za bandulo, ndipo kumadera ena netiweki imavuta. Mwina ndiyambe ndi awiri a mu Lilongwe muno, enawo apitirize ndi Excel kaye.