Kabokosi ka AV2HDMI: kodi kathetsa nkhope zofufuma ndi mizere yakuda pa tivi?

Bambo a Tadala, Chibavi: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tivi ndi ya mainchesi 32, makina a DVD ndalumikiza ndi mawaya atatu aja, lachikasu, loyera ndi lofiira. Anthu mufilimu akuoneka afupiafupi, nkhope zofufuma, komanso pamwamba ndi pansi pali mizere yakuda yaikulu. Wogulitsa wina mutauni akuti ndigule kabokosi kolembedwa AV2HDMI, kolumikiza mawaya atatuwa ku bowo la HDMI la tivi, zonse zitha. Ndigule?

Mnyamata wa ku Katoto: Gulani bambo, HDMI ndiye zamakono. Mawaya achikasuwo chithunzi chake sichiwala.

Mmisiri wa ku Luwinga: Achimwene, funso si la kuwala kwa chithunzi, ndi la maonekedwe. Bambo a Tadala, ndalamayo ikhale kaye m'thumba. Tengani tepi muyeze mzere wakuda wapamwambawo filimu ili mkati, mutiuze.

Bambo a Tadala: Wapamwamba ndi masentimita 9, wapansi chimodzimodzi.

Mayi a Wongani, Chiputula: Palibe chogula apa. Pa rimoti ya tivi pali batani lolembedwa ASPECT kapena P.SIZE, ena amalemba ZOOM. Dinani mpaka pa sikirini palembe Zoom, nkhope zibwerera mwakale ndipo mizere ichepa.

Mmisiri wa ku Luwinga: Amayi mwalondola mbali imodzi: Zoom iwongoladi nkhopezo. Koma kumeneko n'kupoletsa ululu, matenda ali m'makina a DVD. Nkhope zofufuma ndi mizere ya pamwamba ndi pansi zikabwera pamodzi, dziwani kuti makinawo akuganiza kuti alumikizidwa ku tivi yakale ija ya chimimba kumbuyo, ya 4:3. Ndiye amachepetsa filimu kuti ikwane mu 4:3, n'kudzaza malo otsalawo ndi zakuda. Tivi yanu imalandira chithunzi cha 4:3 chimenecho, mizere ili kale momwemo, n'kuchikokera m'mbali kuti chidzaze sikirini yake yotambalala ya 16:9.

Tiwerengere pa tivi yanuyo. Sikirini ya mainchesi 32 imakhala pafupifupi masentimita 71 m'lifupi ndi 40 kutalika. Chithunzi cha 4:3 chotalika 40 chimafunika chikhale 53 m'lifupi. Chikakokedwa kuchoka pa 53 kufika pa 71, munthu aliyense amanenepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, msinkhu uli womwewo. Kufufuma mukuonako ndi kumeneko.

Chitani izi. Imitsani chimbale ndi STOP kaye, chifukwa makina ambiri salola kusintha chikusewera. Dinani SETUP pa rimoti ya DVD, mufufuze pamene palembedwa TV Display kapena TV Type. Mupeza zitatu: 4:3 PS, 4:3 LB ndi 16:9, pena amalemba Wide. Ndikukhulupirira kuti zili pa 4:3 LB, yomwe imaika mizere yakuda ija. Sankhani 16:9. Mukatero bwererani ku rimoti ya tivi, muike 16:9, osati Zoom.

Mayi a Wongani: Nanga ngati njira zonse ziwiri zikuwongola nkhope, kusiyana kuli pati abambo?

Mmisiri wa ku Luwinga: Kuli pa kuoneka bwino. Waya wachikasu umanyamula mizere 576 ya chithunzi. Pa 4:3 LB, pulogalamu ya 16:9 imangogwiritsa ntchito mizere 432, yotsalayo imathera pa zakuda. Zoom imakulitsa 432 yomweyo, ndiye chithunzi chimachita mbuu. Chinanso, mawu omasulira akagwera mu mzere wakuda wapansi, Zoom imatha kuwadula. Mukakonza ku makina, 576 yonse imapita ku chithunzi.

Bambo a Tadala: Zinalidi pa 4:3 LB. Ndasintha, nkhope zili bwinobwino tsopano, yewo chomene. Koma mizere sinathe, yangochepa kufika pa 5. Ndiye ndaika chimbale chakale cha kwaya, m'menemo anthu afufumanso. Mwina kabokosi kaja kakufunikabe?

Mmisiri wa ku Luwinga: Ayi. Masentimita 5 otsalawo si vuto, ndi mmene filimuyo anaijambulira. Mafilimu ambiri a m'nyumba zoonetsera ndi otambalala kuposa tivi, pafupifupi 2.39:1. Gawani 71 ndi 2.39 mupeza 30. Pa 40 kuchotsa 30 patsala 10, asanu pamwamba, asanu pansi, ndendende zimene mwayezazo. Mukafuna kudzaza sikirini ndi Zoom, mutaya pafupifupi kota ya chithunzi m'mbali. Anthu awiri akamayankhulana, wina kumanzere wina kumanja, mudzaona mphuno ziwiri zokha ndi khoma pakati.

Za kwayazo ndi mbali inayo. Chimbalecho chinajambulidwa mu 4:3, ndiye pa chimenecho ikani tivi pa 4:3. Mizere yakuda ibwera kumanzere ndi kumanja, masentimita 9 mbali iliyonse, koma anthu aoneka mmene alili. Mukachizuma chidzaza sikirini popanda kufufuma, kungoti pamwamba ndi pansi padulidwa masentimita oposa 6 mbali iliyonse, ndipo mitu ya oimba a mzere wakumbuyo ndi imene imayamba kupita.

Tsono pa kabokosiko. Totchipa tambiri tili ndi kaswichi kamodzi kokha, 720p kapena 1080p, ndipo zonsezi ndi 16:9. Chilichonse cholowa timangochitambasula kuti chidzaze, osadziwa kuti ichi ndi 4:3. Matayala a galimoto amatuluka ngati mazira chimodzimodzi. Choipa china, ma tivi ena akalandira 1080p pa HDMI amatseka mwayi wosankha 4:3, moti mutha kugula kabokosi n'kulephera kuwongola kwaya yomwe panopa mukuiwongola ndi batani limodzi.

Mnyamata wa ku Katoto: Koma chithunzi chikhala cha HD, si choncho?

Mlongo wa ku Zolozolo: Sichikhala achimwene. Kabokosi sikangabweretse zimene waya wachikasu sunanyamule, kamangokulitsa zomwezo, ntchito imene tivi ikuchita kale mkati mwake. Pamene kali ndi phindu ndi pomwe tivi ilibiretu mabowo a AV, a mawaya atatu aja, kapena munthu akugwiritsa ntchito sikirini ya kompyuta ya HDMI yokha. Wogula aonetsetse kolowera: AV2HDMI ndi HDMI2AV timafanana maonekedwe koma kalikonse kamayenda mbali imodzi. Kamafunanso magetsi a 5V kudzera pa USB. Ndipo bambo, suzumirani kumbuyo kwa DVD yanuyo. Ngati ili ndi bowo la HDMI, chingwe chokha cha HDMI n'chimene chili choyenera ndalama.

Achimwene a ku Mchengautuwa: Ine ndimaonetsa mpira ndi mafilimu. Pa mpira zigoli zolembedwa pakona ya sikirini zimadulidwa theka, dikoda ili pa HDMI komanso pa 16:9. Ndi zomwezi?

Mlongo wa ku Zolozolo: N'zina. Tivi ikudya m'mphepete mwa chithunzi pang'ono mbali zonse. Pa LG sankhani Just Scan, pa Samsung Screen Fit kapena Fit to Screen. Kumbukirani kuti ma tivi ambiri amasunga zimenezi pa bowo lililonse palokha, zomwe mwaika pa HDMI 1 sizigwira pa AV.

Achimwene a ku Mchengautuwa: Zigoli zaoneka, zikomo. Koma pa mafilimu ine Zoom sindisiya. Munthu walipira pakhomo akaona mizere yakuda amati sikirini ikugwira theka.

Mayi a Wongani: Pamenepo ndili nanu. Pa mainchesi 32, wokhala benchi yakumbuyo chithunzi cha masentimita 30 chimamuchepera.

Mmisiri wa ku Luwinga: Pa filimu yankhondo mwina zingatheke, koma ya mawu omasulira pansi ine sindingazume. Ngati tivi ili ndi Zoom 1 ndi Zoom 2, yesani yocheperayo, ndipo muimitse chithunzi pamene pali tayala kapena wotchi yapakhoma, muyeze m'lifupi ndi kutalika. Zikasiyana, ndiye kuti Zoom imeneyo ikukoka mbali imodzi yokha.

Bambo a Tadala: Kumbuyo kwa DVD kulibe HDMI, mabowo a mawaya okha. Kabokosi ndakasiya. Kwaya ndiziika pa 4:3, ngakhale ana akudandaula kale ndi mizere ya m'mbaliyo.