Kodi "ine" m'mawu oti "wanga" tingamudule pati?

Ndikupempha thandizo kwa inu amene munaphunzira kapangidwe ka mawu m'zilankhulo. Ndikaphwanya mawu oti "sindinakuone" ndimapeza si-, -ndi-, -na-, -ku-, -on- ndi -e, ndipo kachigawo kalikonse kali ndi ntchito yake, monga zimakhaliranso m'Chiteki. Chitchaina sichimata zigawo chonchi, chifukwa mawu ake sasintha maonekedwe, pamene m'Chilatini -o wa "amo", kutanthauza "ndimakonda", amanyamula yekha mwininkhani, chiwerengero ndi nthawi.

Chondizunguza n'chakuti m'mawu oti "mwana" mu- wasanduka mw-, ndipo m'mawu oti "wanga" "ine" sakuonekamo n'komwe. Kodi apa Chichewa chasungunula zigawo ngati Chilatini, kapena ndi kusintha kwa kamvekedwe chabe? Malire ake mumawazindikira bwanji?