Kodi bulomothaimo buluu ingalowe m'malo mwa fenofutalini pa taitireshoni ya asidi wofooka?

Anzanga a kemisitiri, ndithandizeni. Tikuyeza 25.0 mL ya CH₃COOH ya 0.100 M pothiramo NaOH ya 0.100 M, ndipo pKa ya asidiyu ndi 4.76. Malinga ndi masamu anga, pH imayambira pa 2.9, n'kufika 4.76 tikathira 12.5 mL. Pamenepa mzere wa galafu umakhala ngati wagona, chifukwa asidi ndi asiteti zafanana kuchuluka ndipo zapanga bafa. Asidi yense amatha pa 25.0 mL, pH ili cha pa 8.7 osati 7, popeza asiteti wotsalayo amatulutsa OH⁻ m'madzi. Fenofutalini imasintha mtundu pakati pa 8.2 ndi 10, choncho ikugwirizana bwino.

Vuto n'lakuti fenofutalini yatha mu labu, yatsala ndi bulomothaimo buluu, yomwe imasintha mtundu kuchoka pa chikasu kupita ku buluu kuyambira pH 6.0 mpaka 7.6. Ndawerengera ndi pH = pKa + log([A⁻]/[HA]) ndipo ndapeza kuti 6.0 imafika pa 23.6 mL, pomwe 7.6 imafika pa 24.96 mL. Ndiye kuti chikasu chiyamba kubiriwira kukadali 1.4 mL kuti tifike, ngakhale buluu weniweni abwera pafupi kwambiri ndi 25.0 mL.

Kodi ndikadikira buluu wathunthu, zotsatira zake n'zodalirika? Ine ndikukayika ngati diso lingaone dontho lenileni lomwe kubiriwirako kwathera. Komanso, kodi fomula ya bafayi ikadali yolondola pa 24.96 mL, pamene asidi watsala pang'ono chonchi?