Kanema amauma mlongo wanga akamatumiza zithunzi, ndithandizeni

Mphunzitsi wa ku 47: Abale, madzulo ndimaphunzitsa ana masamu pa Zoom. Mlongo wanga amajambula maukwati, ndipo akangoyamba kutumiza zithunzi ku Google Drive, ana amandiuza kuti nkhope yanga yauma, mawu akudukaduka. Dzulo mwana wina anachita kundiimbira pa foni ya mayi ake. Ndikayeza liwiro, kutsitsa kukubwera 20 Mbps, kukweza 4 Mbps. Rauta ndi ya simu khadi. Makolo amalipira, zikundipweteka mtima.

Wa ku Kawale: Bandulo yatha imeneyo mayi, gulani yaikulu.

Mphunzitsi wa ku 47: Ayi achimwene, ya mwezi ndagula Lolemba lomweli.

Wamawaya wa ku 25: Mayi, yesani kaye izi pa laputopu ya Windows, mu Command Prompt:

```
ping -t 8.8.8.8
```

Onani manambala a ms, osonyeza kuchedwa kwa uthenga popita ndi kubwera, mlongo wanu asanayambe, kenako ayambe kutumiza inu mukuyang'anabe.

Mphunzitsi wa ku 47: Anali pa 60. Atangoyamba, afika 900, mwina 1100!

Wamawaya wa ku 25: Basi, vuto ndi mzere. Laputopu yawo imakankha zithunzi mofulumira kuposa mmene njira ya 4 Mbps ingatulutsire, ndiye rauta imasunga zotsalazo pa mzere. Tinene kuti pa mzerepo padikira 500 KB. Amenewo ndi mamegabiti 4, ndipo kuti atuluke pamafunika sekondi yathunthu. Mawu anu ndi ochepa, koma akaima kumbuyo kwa thumba la chimanga ku chigayo, nawonso adikira. Chithunzi cha ukwati chikachedwa sekondi palibe adandaula, koma mawu ochedwa chotero pulogalamu imangowataya. Mukafuna kuwerenga, fufuzani bufferbloat.

Mankhwala ake ndi SQM, njira yoyendetsera mzere pa rauta, yomwe imapezeka pa rauta zoyendera pulogalamu ya OpenWrt mukaikamo luci-app-sqm. Mu SQM sankhani cake, ndipo pa Upload speed lembani 3500, kutanthauza 3.5 Mbps, osati 4000. Mukachepetsa chonchi, mzere umapangikira pomwe SQM ikulamula, ndipo imasinthanitsa, pang'ono zithunzi, pang'ono mawu anu. Zithunzi zichedwerako pang'ono chabe.

Mayi a mapasa: Kwathu zinatha titalumikiza waya m'malo mwa wayifayi.

Wamawaya wa ku 25: Waya amathandiza ngati wayifayi ndi yofooka, koma apa manambala akukwera pokhapokha zithunzi zikamatumizidwa.

Mphunzitsi wa ku 47: Ndasakasaka, mu rauta yanga SQM mulibe.

Wamawaya wa ku 25: Ndiye pafunika rauta yachiwiri kumbuyo kwake, aliyense azilumikiza ku yatsopanoyo. Komanso liwiro la simu limasintha. Madzulo likatsikira pa 2 Mbps, 3500 uja sagwiranso ntchito, ndiye yezani nthawi yeniyeni ya kalasi. Za lero, mlongo wanu alowe mu Preferences ya Google Drive, achepetse Upload rate ifike 200 KB pa sekondi.

Mphunzitsi wa ku 47: Akuti amatumizira pa bulauza, pulogalamuyo alibe. Tiyesa kuiika mawa, lero wavomera kudikira mpaka 8 koloko.