Ndikangosambira mamita 25 mpweya watha, vuto n'chiyani?

Wofunsa: Anzanga ndithandizeni. Kwathu ndi ku Ulongwe koma ndikugwira ntchito mumzinda wa Tete. Adokotala anandiuza kuti ndizisambira chifukwa cha msana, ndiye Loweruka ndimapita ku pisina ya mamita 25. Ndikangofika tsidya linalo, ndili wefuwefu, mtima gugugu. Chonsecho mpira ndimamenya mpaka kutha. Ndalama yolowera ndi yambiri, magalasi a m'madzi mlamu wanga anabwereka sanabweze, akazi anga akuti ndikungomwaza ndalama. Kodi ndikudwala?

Wa ku Moatize: Kudwala chiyani! Ife tinaphunzirira mumtsinje wa Revubwe, opanda magalasi. Menyani miyendo mwamphamvu basi.

Mayi wa pisina: Achimwene, simunanene chachikulu. Nkhope ikakhala m'madzi, mpweya mumautulutsa kapena mumaugwira?

Wa ku Domwe: Mlamu ameneyo mulondoleni. Wanga anatenga njinga, mpaka lero.

Wa ku Moatize: Kutulutsa mpweya m'madzi? Mukufuna munthu amire?

Mayi wa pisina: Ayi bambo. Chimene chimabanikitsa munthu msanga ndi mpweya woipa umene ukuchulukana m'thupi chifukwa akuugwira. Akatembenuza mutu amafuna kutulutsa ndi kukoka nthawi imodzi, mpata wake n'kuchepa, ndiye amangokoka pang'ono. Achimwene, imani kosaya, gwirani khoma, mizani nkhope n'kumatulutsa mpweya pang'onopang'ono m'mphuno mpaka muzimva thovu likudutsa m'masaya. Tembenukirani kumbali, kokani ndi pakamwa, bwererani. Chitani ka 10 osapupuluma. Zikakhazikika, sambirani mukupuma pa mkono wachiwiri uliwonse, mbali imodzi. Mukafika pakhoma dikirani masekondi 30.

Wa ku Songo: Ine ndinamva kuti choyenera ndi kupuma pa mkono wachitatu, uku ndi uku.

Mayi wa pisina: Zimathandiza kuti thupi lisapendekere mbali imodzi, koma kwa wongoyamba mpweya umachedwa kufika. Zimenezo pambuyo.

Wa ku Moatize: Masamu onsewa a chiyani? MIYENDO! Ndanena kale.

Mayi wa pisina: Miyendoyo ndiyo ikumumaliza. Minofu ya m'ntchafu ndi ikuluikulu, imadya mpweya wambiri, koma pa wongoyamba sikankha thupi kwenikweni. Anthu a mpira amapalasa ngati ali pa njinga, mawondo opinda. Azimenya pang'ono, kuchokera m'chiuno.

Wa ku Domwe: Mukamutumiza kumtsinje mukumbukire ng'ona za mu Zambezi. Ine likodzo ndinalitengera kudambo, ndinavutika nalo.

Wofunsa: Amayi, ine nkhope sindimiza n'komwe, madzi amandiwawa m'maso. Mutu umakhala pamwamba njira yonse.

Mayi wa pisina: Ndiye nkhani ndi imeneyo! Mutu ukadzuka chiuno chimamira, mumakhala mukukoka thupi lopendekeka, ndipo msana wanuwo mukuupweteka. Pezani magalasi, muziyang'ana pansi pa pisina. Popuma, diso limodzi litsale m'madzi. Koma ngati pachifuwa pakupweteka kapena mukumva chizungulire, tulukani mukaonane ndi adokotala aja.

Wa ku Moatize: Mutu pamwamba ndi mmene timasambirira tonse kwathu, ndipo palibe anatopa.

Wa ku Songo: Magalasi amenewa mu Tete amagulitsa kuti?